Akukufuna ku Ofesi

Pa loji ina ya ku Nkopola panali chizolowezi chimene ine ndimati n'chankhanza, ngakhale eni ake sankachiona choncho. A Dyson, amanijala, akafuna wantchito sankadzuka pampando. Ankatuma aliyense wodutsa pakhomo pawo, ndipo uthenga unali umodzimodzi: “Akukufuna ku ofesi.” Chifukwa chake ukachimvera komweko. Mwina akufuna makiyi, mwina ntchito yakuthera.

Ena ankangopukuta manja n'kupita. Koma Ajira, amene ankalandira alendo pa risepushoni, mawu amenewa ankamuchititsa mantha aakulu. Mtima unkagunda ngati wathamangitsidwa ndi galu, mpweya kuperewera. Zinkamuchitikiranso basi ya anthu a wekishopu ikatsitsa onse nthawi imodzi, aliyense akufuna chipinda choyang'ana kunyanja. Tsiku lina anasiya alendo ali pamzere n'kukadzitsekera m'bafa. Ankadziwa kuti zikachitikanso, ntchito yomwe inkadyetsa iye ndi mayi ake ipita.

Kuchipatala ku boma anapita akuganiza kuti ndi mtima. Anamuyeza, mtima unali bwinobwino, ndipo anamutumiza kwa a Tikhala, a kiliniki ofesala oona za matenda a maganizo. Iwo atamufunsa mofatsa maulendo angapo anamuuza kuti ali ndi matenda a nkhawa, anamuyambitsa mankhwala, n'kumuphunzitsa kapumidwe kokhazika mtima pansi. Kenako anatchula za kalata yopita kwa abwana ake.

“Ayi adokotala,” anatero Ajira. “Akangomva za chipinda chino adzati ndine wamisala.”

“Kalatayi sindilemba popanda chilolezo chanu,” anayankha a Tikhala. “Zimene mumandiuza muno sizilowamo. Tingolemba zoti achite kuntchito, ndipo muiwerenga kaye musanaitenge.”

Anailembera limodzi. Inkanena kuti Ajira akulandira chithandizo cha matenda a nkhawa ndipo ntchito yake angathe kuigwira. Inkapempha kuti pomuitana azimuuza chifukwa chake, kuti mashifiti aziwadziwiratu osati kumusinthira m'mawa womwewo, kuti zikamuyamba azimulola kukhala pa malo a phee mphindi zochepa wina atamugwirira, kuti tsiku lofika gulu la alendo azikhala awiri pa tebulo la risepushoni, komanso kuti m'mawa umodzi pamwezi azipita kuchipatala. Pansi panali mawu oti nkhaniyi ikhale yachinsinsi, ndi kuti adzaonenso pakatha miyezi itatu ngati zikuthandiza.

Ajira anakapereka kalatayo tsiku limene a Dyson mutu unali utazungulira ndi wekishopu ya anthu a zaulimi. Anaitsegula, anaona chidindo chachipatala, nkhope inagwa.

“Pepani kwambiri mayi. Pitani mukapume, za kuno musadandaule.”

Bambo ameneyu sanali woipa mtima, tisamunamizire. Kungoti pa zaka zake zonse, kalata yachidindo chachipatala inkatanthauza chinthu chimodzi, kuti munthu akagone. Anaiika mu fayilo mwaulemu wonse, n'kufufuta dzina la Ajira pa mashifiti. Ajira anangotuluka.

Kunyumba ndiye zinanyanya. Popanda chochita, maganizo ankangomuzungulira: andichotsa, akungosowa ponenera. Ndiye Loweruka masana anamva odi. Anali a Wadi, ophika a pa loji, ndi Rachael wokonza m'zipinda, atanyamula buledi, shuga ndi botolo la sobo. Abwana anali atangonena kuti mnzanu sakupeza bwino, ndipo kwathu kuno wodwala sumusiya osakamuzonda. Anamupeza akuchapa, ali wathanzi kuposa iwo.

“Salaam aleikum. Odwala ali kuti?” anafunsa a Wadi akusuzumira kukhomo.

“Ndine ndemwe, a Wadi.”

Anakhala pamkeka. Rachael anamuyang'ana pamimba, n'kuyang'ana kumbali. Pofuna kumulimbitsa mtima a Wadi anati, “Usafulumire mwanawe, Mulungu ndi wamkulu. Pamalo pako aikapo kale mtsikana wina wa ku Monkey Bay, akuyesetsa ndithu.”

Mawu achifundowo anamulasa. Alendo atapita anakhala pakhonde akupuma monga anamuphunzitsira a Tikhala, mpaka mtima unakhazikika. Mantha anali pomwepo, koma pamwamba pake panabwera mkwiyo. Kalata imene anaivomera movutikira ija inali yoti imusungire ntchito, ndipo tsopano ndi imene inkamuchotsa.

Lolemba anakwera kabaza osaitanidwa ndi munthu. Pakhomo la ofesi miyendo inafuna kubwerera, koma anagogoda.

“Aa, mwachira kale?” anadabwa a Dyson.

“Bwana, kalata ija munaiwerenga?”

“Ndinaiona.”

“Ndikuti kuwerenga, mpaka pansi.”

A Dyson anavala magalasi, anatulutsa fayilo. Anawerenga milomo ikugwedera. Atafika pakati anakanda kumutu, n'kubwereranso pamwamba.

“Apa akuti mungathe kugwira ntchito.”

“Eya bwana.”

“Ndiye ine ndinakuthamangitsani ndi chifundo changa chomwe.” Anaseka pang'ono mwamanyazi. “Koma munthu wodwala osapuma, zimatheka bwanji?”

“Matenda angawa ndikangokhala ndi pamene amandigwira kwambiri. Adokotala akuti ndisamathawe zimene ndimaopa, ndizizolowere pang'onopang'ono.”

Anadutsa mfundo imodziimodzi. Za mashifiti anavomera kuti aziwakhoma pakhoma Lachisanu lililonse. Malo a phee anagwirizana kuti akhale kachipinda kamene antchito achisilamu amaswaliramo, kuseri kwa londire, kochapira zovala. Pa za anthu awiri a Dyson anakana kaye, akuti antchito ndi ochepa, koma anapezana kuti mtsikana wa ku Monkey Bay uja, amene anali waganyu chabe, azibwera masiku ofika magulu. Za kunena chifukwa poitana ndi zimene zinawadabwitsa kwambiri.

“Kodi mawu oti ‘akukufuna ku ofesi’ amaopsa?”

“Funsani aliyense, bwana.”

“Ine ndimaona ngati ndikufupikitsa nkhani,” anatero motsitsa mawu. Anatsekera kalatayo m'dirowa ya loko, n'kulonjeza kuti za matendawo zithera m'chipinda momwemo.

Ajira anatuluka thupi litapepuka, moti anakaima kuseri kwa londire n'kulira pang'ono, kulira kwa munthu amene watula katundu. Matenda sanathe tsiku limenelo, ayi. Mankhwala ankamwabe, kwa a Tikhala ankapitabe, ndipo masiku ena ankakhaladi m'kachipinda kaja mpaka mtima utabwerera m'malo. Koma akatuluka ankapeza tebulo lake likumudikira.

Patapita masabata angapo, ali mkati molemba mayina a alendo, a Wadi anatulukira atavala epuloni yawo.

“Ajira, akukufuna ku ofesi.”

Cholembera chinaima. Mtima unayamba kale ulendo wake.

“Akuti nkhani ya makiyi a holo, sakuwaona.” A Wadi anapukusa mutu. “Masiku ano abwana akutitopetsa. Aliyense womuitana, mpaka alonda, akuti tizinena ndi chifukwa chomwe. Kaya anawalangiza ndani.”

“Kaya,” anatero Ajira.

Anamaliza dzina limene ankalemba, anatenga makiyi a holo pamsomali, n'kupita ku ofesi akuyenda bwinobwino.