Malalanje Anayi a a Norbert

"Khumi ndi chimodzi."

"Kamakinako kako kawonongeka."

"Kalipo bwino, adadi. Bweretsani chala china ngati mufuna."

A Norbert Tembo anabisa dzanja m'thumba. Chala chimodzi chinali chokwanira pa Sande m'mawa. Winifred, mwana wawo wamkazi amene ndi nesi pa kiliniki ina ku Chelstone, anapukuta kamakina kopimira shuga akumwetulira ngati munthu amene yankho walidziwa kale.

Nkhani inali iyi. Miyezi iwiri yapitayo dokotala anawauza kuti shuga wawo wafika pakhomo, sanalowe koma akugogoda. Anawapatsa miyezi itatu kuti amutsitse, apo ayi ayambe mapilitsi a tsiku ndi tsiku. A Norbert, mkulu wa mpingo wa Sabata ku Kabwata, amene zaka zonse amadzudzula anthu za tiyi ndi khofi, mapilitsi ankawaopa ngati manyazi. Tsiku lomwelo anasiya zakumwa za gasi. Akazi awo, mai Pearl, anagula makina ofinyira zipatso, ndipo m'mawa uliwonse ankafinya madzi a malalanje odzaza fulasiki, oti bambo azimwa pang'onopang'ono ku ofesi kwawo mu Cairo Road.

"Shuga sinigwira," anatero a Norbert. "Softi sinigwira. Manje achokela kuti?"

"Mwamwa chani lelo?"

"Tambula imodzi chabe ya juwisi. Ya Mulungu, osati ya mu botolo."

Winifred analowa m'khitchini nabwera ndi malalanje anayi, mpeni ndi mbale.

"Tambula ija inali aya. Muwadye onse, nikupatsani kiyi ya motoka yanga sabata yonse."

A Norbert anaseka. Loyamba linatha msanga. Lachiwiri anayamba kulitafuna mwaulemu, ngati munthu wodya pamaliro. Lachitatu anangolisenda nakhala akuliyang'ana.

"Nakhuta."

"Koma tambula ija munaimeza musanatsilize pemphelo," anatero Winifred. "Shuga ali mu tambula ya juwisi ni pafupifupi ali mu tambula ya softi, masipuni ang'ono asanu kapena sikisi. Mu lalanje shuga ali mkati mwa tumatumba na ulusi. Mutafuna, mimba igwila nchito, alowa mu magazi pang'onopang'ono, ndipo mukhuta musanafike patali. Mukafinya, mwam'tsegulila geti."

"Koma mavitamini alimo."

"Alimo. Softi ilibe, apo mwapambana. Koma shuga safunsa kuti wabwela na ndani."

A Norbert anatenga madzi ozizira kuti atsukuluze mkamwa, ndipo nthawi yomweyo nkhope inakwinyika. Anayesa kubisa, koma nesi sabisidwa.

"Meno?"

"Ayamba posachedwa. Koma nitsuka na mswachi nikangomwa juwisi, ngakhale ku ofesi. Mswachi uli mu dilowa."

Winifred anagwira kumutu. Anawafotokozera kuti madzi a malalanje ndi owawasa, amafewetsa chikuto cholimba cha dzino, ndipo tizilombo ta mkamwa timadya shugayo n'kutulutsa asidi wina. Munthu akamamwa pang'onopang'ono kuyambira eyiti mpaka faifi, malovu sapeza mpata wokonza. Ndiye pa dzino lofewa kale, iwo ankabwera ndi mswachi n'kumakwecha.

"Muchukucha na madzi, muyembekeza theka la ola kapena ola, ndiye mswachi. Lalanje mudye pa chakudya, kamodzi, osati kunyambita tsiku lonse."

"Mwezi umodzi watsala. Uzakwana?"

"Sinilonjeza. Koma fulasiki ikayenda na madzi, dokotala azaona kusintha."

A Norbert anayang'ana pawindo. Kuseri kwa nyumba mai Pearl anali kukhuthula beseni la zotsala za m'makina, ulusi wonse ndi tumatumba, ndipo nkhuku zawo zisanu zinali kulimbirana. Zinali zonenepa bwino, nthenga zikuwala. A Norbert anayamba kuona kumene gawo labwino la lalanje linkapita miyezi yonseyi.

"Amako uwauze ndiwe," ananong'ona. "Auka faifi koloko kufinya. Makina aja anawaonetsa kale ku azimai a Dorika ku chalichi."

"Ine nabwela kupima chabe. Ukwati ni wanu."

Chitseko chinatseguka. Mai Pearl analowa atanyamula jagi yodzaza, yozizira bwino, ndi matambula atatu. Anaona makoko pa tebulo, lalanje losenda, kamakina, ndi amuna awo amene mwadzidzidzi anali kuwerenga kalendala ya pakhoma.

"Atate ake Wini, ndani adya malalanje anga ofinya?"

A Norbert anakhosomola. Anayamba ndi kuyamika, nadutsa pa ulusi, nafika pa malovu, ndipo chifukwa anali munthu woona mtima anatchulanso nkhuku. Mai Pearl anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika jagi pa tebulo pang'onopang'ono, nayang'ana mwana wawo, nayang'ana pawindo.

"Manje miyezi iwili yonse iyi ninali kuukila ndani, imwe kapena nkhuku?"