Milomo Kuseri kwa Galasi

A Nyundo ankamva ndi maso. Anakalambira m'shedi yosula zitsulo, ndipo phokoso la ntchitoyo linawadya makutu pang'onopang'ono mpaka dziko lonse linati zii. Sukulu sanaipondeko, choncho kuwalembera papepala kunali kungotaya inki. Koma munthu akawayang'ana n'kumalankhula bwinobwino, ankatola mawu onse pamilomo, ndi miseche yomwe.

Atawagoneka m'chipatala chifukwa cha chifuwa ndi kutentha thupi, madokotala anayamba aganiza kuti n'chimfine chachikulu chimene chinkayenda nyengo imeneyo. Anawapatsa bedi lapakona m'wodi ya amuna, analitalikitsa ndi mabedi ena n'kulitchinga ndi katani. Aliyense wofika pafupi ankavala masiki. Kanamwino kena kophunzira ntchito, kamene iwo anakatcha Mano Kunja chifukwa chosekaseka, kanapeza nzeru. Kakamaliza kuwayeza kankabwerera m'mbuyo mapazi angapo, kupitirira kumiyendo kwa bedi, n'kutsitsa masiki.

"Agogo, phala mwasiyiranji?"

"Limenelo ndi phala kapena madzi otsukira mbale?" ankayankha mokuwa, poti mawu awo sankawamva kukula kwake. Wodi yonse inkagwedezeka mapewa, iwo n'kudziwa kuti anthu aseka.

Kenako zotsatira za makhololo amene anawayeza zinabwera. Iwo anangoona anthu akusonkhanitsa katundu wawo, wina akuwaveka masiki, wina akuwakankha pa njinga ya odwala mpaka ku kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Munali bedi limodzi, mpando, sinki, chimbudzi chakechake, zenera lalikulu lotsegula, ndi chitseko chokhala ndi kagalasi pakati. Chitsekocho chinatsekedwa.

Kuyambira pamenepo milomo inasowa. Wolowa aliyense ankavala masiki ena, olimba, otukuka ngati mlomo wa bakha, omangidwa ndi malamba awiri kumutu. Ankawakanikiza pamphuno asanalowe. A Nyundo ankaona masikiwo akugwedezeka, n'kudziwa kuti mawu akutuluka, koma ankathera momwemo. Dokotala anagwedeza ake nthawi yaitali, anawagwira paphewa, anasamba m'manja n'kutuluka. Kusambako n'kumene kunkawapweteka. Munthu angokhudza bulangete, uyo ali pa sinki, kupaka sopo m'mipata ya zala, m'zikhadabo, mpaka m'mikono, ngati wagwira galu wakufa.

Mpongozi wawo, amene ankakhala naye pakhomo poti mwana wawo ankagwira ntchito kutali, sanalowemo. Chakudya chake chinkangofika ndi wokolopa. Mdzukulu wawo wakhanda, amene ankagona pachifuwa pawo masana onse, sanamuonenso. Akatseka zenera chifukwa cha mphepo, wina ankabwera kudzalitsegula. Akasiya chitseko chotsegula kuti aziona odutsa, wina ankachitseka.

Tsiku lina m'mawa Mano Kunja analowa ndi mapiritsi. A Nyundo anamuzindikira ndi maso.

"Mwanawe, ndiuze. Ndili ndi chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana kuchitseko, anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, n'kukweza dzanja kuti atsitse masiki monga ankachitira kuwodi kuja. Asanatero anadzidzimuka. Pagalasi panali sisitala wamkulu wa wodiyo, mayi wamfupi wa imvi, akumenya chitseko ndi chikhatho. Mano Kunja anasiya masiki ali pomwepo, anasamba m'manja n'kutuluka wazyolika.

A Nyundo anamvetsa m'njira yawo: matendawa ndi a imfa, ndipo aletsana kuwauza. Mapiritsi a tsikulo anawabisa pansi pa pilo. A mawa lakenso chimodzimodzi. Mankhwala a munthu wakufa ndi a chiyani? Ngati n'kufa, akafere kwawo, mdzukulu ali pachifuwa.

Masana, nthawi yoona odwala, anavala jekete ndi nsapato n'kutuluka. Khonde linali lodzaza ndi anthu onyamula madengu, nkhope zosaphimba, milomo ikuyenda paliponse. Anaima kaye kuimwa ndi maso. Chifuwa chinawagwira pomwepo, anatsokomola mpaka kugwira khoma. Sisitala uja anatulukira akumanga masiki ake, anawaphimba pakamwa ndi masiki opyapyala, n'kuwakokera m'chipinda ngati mbuzi yolowa m'dimba la eni.

"Ndisiyeni! Mwanditsekera ngati wakuba. Ndaba chiyani?"

Masiki a sisitala anagwedezeka, anagwedezekanso, kenako anaima. Mayiyo anawayang'anitsitsa, anadziloza khutu. A Nyundo anagwedeza mutu.

"Lero ndiye mwadziwa? Kamwana kaja kokha n'kamene kanali ndi nzeru, inu n'kukathamangitsa."

Sisitala anasamba m'manja, anatuluka, anatseka chitseko. Ali kunjako anavula masiki pogwira malamba okha, anapaka mankhwala m'manja, anapukuta galasi n'kuyandikitsa nkhope. Anali ndi mpata m'mano akutsogolo. A Nyundo anachita kuuyang'ana ngati m'bale wotayika.

"Bambo, mukundiona?"

"Ndikukuonani."

"Tinalakwa, tinkayesa mukumva. Muli ndi chifuwa chachikulu. Chimachira."

"Bwerezani kumapetoko."

"Chimachira. Mukamamwa mankhwala osadumphitsa."

"Nanga kuwodi kuja bwanji ankatsitsa masiki? Kuli amuna otsokomola kuposa ine, koma angowatchinga ndi nsalu."

"Awo n'chimfine. Tizilombo take timayenda kwambiri m'timadontho ta malovu, tolemera, timagwa pafupi. Ukatalikira, wazemba zambiri. Tanu n'topepuka ngati utsi. Timayandama m'chipinda chonse nthawi yaitali, ngakhale mutasiya kutsokomola. Khoma limene anatsamira mwana uja silikanamuthandiza. Zenera n'lotulutsira mpweya umenewo kunja. Chitseko n'choti usapite kwa odwala anzanu."

"Ndiye kusambasamba kuja? Ndikununkha?"

Sisitala anaseka, mpata uja unaoneka wonse.

"Ndimasamba ndisanagwire wodwala aliyense, ndikamugwiranso ndimasamba, angakhale bwana wonunkhira mafuta. Manja athuwa ndi minibasi, bambo, amanyamula aliyense osafunsa kumene akupita."

A Nyundo sanaseke. Anafunsa za mdzukulu.

"Anabwera naye mayi ake, tinamuyeza. Alibe matenda, koma akumwa mankhwala omuteteza poti ankagona pa inu. Mpongozi wanu amaima pageti tsiku lililonse, mwana ali kumsana. Ndife tinamuletsa kufika naye kuno. Mukapita lero, wokaupuma mpweya wanu ndi mwanayo."

"Ndikhala muno mpaka liti?"

"Mpaka mankhwala agwire, chifuwa chichepe, dokotala akhutire. Masabata. Kenako mukapitirizira kunyumba miyezi ingapo. Koma muzimwa ine ndikuona."

A Nyundo anapita pabedi, anakweza pilo, n'kubwera ndi mapiritsi aja m'dzanja. Anawaonetsa pagalasi. Milomo ya sisitala inatulutsa mawu amene namwino sayenera kulankhula, ndipo iwo anawatola bwinobwino.

"Amenewo ndawamva," anatero a Nyundo.

"Mapiritsiwo asiyeni pampando, ndikauza dokotala. A lero ndikubweretserani ndekha. Zonse zofunika tizikuuzani pagalasi pano."

Wina anamuitana kukhonde, anatembenuka n'kupita. A Nyundo anakhalabe pomwepo kwa kanthawi, koma pagalasipo pankangodutsa mapewa ndi makosi a anthu opita kwa odwala awo. Anakhala pabedi, anamasula zingwe za nsapato, anakankhira nsapatozo kunsi. Mphepo inkalowa pazenera mozizira ndithu. Anakoka bulangete mpaka m'khosi, zenera analisiya lotsegula.