Kunja kwa Seko

Ku fakitale yosoka mayunifolomu onse ankamutchula Singano. Dzinali silinachokere pa makina osokera, ngakhale ankagwira ntchito pa mzere wa makolala. Linachokera ku bwalo la netibo la kuseri kwa nyumba yosungira nsalu, kumene mpira ukachoka m'manja mwake unkalowa mu ringi ngati ulusi pa diso la singano. Kwa zaka zambiri bibu ya GS, kansalu kovala pa chifuwa ka woponya zigoli wamkulu, inali yake. Ankaichapa yekha kunyumba, ndipo lamba wake wina atathothoka anausoka yekha ndi ulusi wofiira.

Chaka chimenecho timu inafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa makampani, koma GA wawo, woponya wachiwiri, anali ndi pakati. A Kochi, amene masana anali kapitawo wa odula nsalu, anabwera pa makina a Singano.

"Ndamva kuti kwanu kuli mtsikana wamtali ngati nsungwi."

"Ndi mlamu wanga, mchemwali wa bambo a kunyumba. Koma ndi wa basiketibo ameneyo, a Kochi. Netibo amaitcha masewero a ntchembere."

"Mubwere naye. Mumuphunzitse zonse zimene mumachita mu seko. Iye pa GA, inu pa GS, ndani angatigwire?"

Mlamuyo ankakhala nawo nyumba imodzi chimalizireni sukulu, ntchito osaipeza. Atalowa timu, a ku fakitale anamulembanso ntchito yosita malaya. Dzina la Nsungwi linamumatirira tsiku lomwelo.

Tsiku loyamba anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Atangolandira mpira, Nsungwi anayamba kuunjanjitsa pansi akuthamangira ku ringi, nadumpha n'kuuponya mokhotetsa ngati kuseri kwa ringi kuli bolodi loti liubweze. Mpira unakagwera m'migolo ya zidutswa za nsalu.

"Bolodi lili kuti?" anafunsa.

"Linapita kumaliro," anatero wosewera pakati, mayi wa pakamwa posatseka amene ankamutcha Wailesi. "Ukadikire konko."

Singano sanaseke kwambiri. Anamugwira dzanja mlamu wakeyo n'kuyenda naye bwalo lonse. Anamuonetsa zigawo zitatu za bwalo ndi seko ya mbali iliyonse, ija yooneka ngati theka la mwezi pansi pa ringi.

"Kwanu kuja muli asanu ndipo aliyense amapita kulikonse, aliyense amaponya. Kuno tili asanu ndi awiri, ndipo zilembo za pa chifuwa ndizo zimakuuza pamene ungaponde. Mu seko timalowamo awiri oponya ndi awiri otitchinga, basi. Chigoli n'chimodzi nthawi zonse, ndipo uchiponyere m'kati. Zija zoponyera kutali kuti upeze atatu uzisiye pa geti."

"Nanga mpira ndiyenda nawo bwanji, alamu?"

"Suyenda nawo. Umayenda ndi mpirawo, iwe umaima. Masekondi atatu asanathe ukhale utapereka."

Chovuta kwambiri chinali phazi. Ku basiketibo Nsungwi anazolowera kutenga masitepe awiri ndi mpira m'manja asanaponye, ndipo miyendo yake inkachita zimenezo yokha, mutu usanaganize. Singano ankajambula bwalo laling'ono pa simenti ndi choko cha telala.

"Phazi limene watera nalo ndi ili. Ukhoza kuzungulira pa ilo, linalo lizipita kumene likufuna. Ukhozanso kulinyamula, koma lisabwerere pansi mpira uli m'manja. Ukalikoka pansi, kherere. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, koma kuno phazi ukalisiya woyimbira akutsata."

Anzawo akamapita kwawo, awiriwa ankatsalira. Loweruka ankachitira pakhonde la kunyumba, mwamuna wa Singano akuwayang'ana uku akupukuta nsapato zake. Singano sanabise kanthu. Anamuphunzitsa kuimira pansi pa ringi mdani ali kumbuyo, kukankhira mpira kuchokera pamwamba pa mutu poti palibe bolodi lokuthandiza, ndi kudekha poponya popeza wotchinga ayenera kuima pafupifupi mita imodzi kuchokera pa phazi lotera nalo ndipo saloledwa kukugunda. Anamupatsanso kachinsinsi kake ka zaka zonse, kotera ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi kuti usankhe wekha phazi lozungulirapo ukaona kumene wotchinga waima.

"Zimenezi ndi za GS, alamu," Nsungwi anatero tsiku lina, maso ali pansi.

"GA wabwino amadziwa za GS. Gwira mpira."

Tsiku la mpikisano anavalira m'kalasi ya sukulu imene inabwereketsa bwalo. Madesiki anali atakankhidwira ku khoma, fungo la mankhwala opaka m'mawondo lili ponseponse. A Kochi anatolera mabibu onse dzulo lake, ati akufuna kuwaona ngati ali bwino. Tsopano anaima pakhomo n'kumaitana. Wailesi analandira C yake akuvina. Otchinga analandira zawo. GA inapita kwa kamtsikana kothamanga ka ku mzere wa mabatani. Singano anadabwa, koma anaganiza kuti mwina Nsungwi ayambira pa benchi.

"GS," anatero a Kochi, naponyera Nsungwi bibu ya lamba wofiira.

Nsungwi anaigwira ngati yotentha.

"Mwasokoneza, a Kochi," anatero Wailesi. "Kapena magalasi mwaiwala?"

"Sindinasokoneze. Otchinga awo ndi ataliatali. A Singano, inu muli pa WA. Palibe wodziwa kudyetsa woponya kuposa inu."

WA amasewera chigawo chapakati ndi chigawo cha zigoli, koma seko ndi malo oletsedwa kwa iye. Ntchito yake ndi kuima m'mphepete n'kuperekera ena. Singano anavala bibuyo. Inkanunkha sopo wa nyumba ina. Anafuna kuyankhula, koma kunja woyimbira anali ataliza kale kherere yoitana matimu.

Mphindi zoyamba anadzigwira. Anathamanga kukalandira mpira wa pakati, bondo likulira, nafika nawo m'mphepete mwa seko mwa kupatsirana ndi Wailesi. Anaona Nsungwi ataimira mdani wake kumbuyo monga anamuphunzitsira, ndipo anamuponyera pamwamba, pamene wotchinga sakanafika. Nsungwi anatera ndi mapazi onse awiri, nazungulira pa lamanzere, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. Anthu a ku fakitale anaimba ndi kuliza zitini.

Kenaka kamtsikana ka GA kanaponya n'kuphonya. Mpira unagunda ringi n'kubwerera chakumanja, pamalo pamene Singano anatolapo mipira yosawerengeka. Sanaganize. Thupi linangopita. Anauwakha bwinobwino, manja atakwera kale pamwamba pa mutu, ndipo kherere inalira.

"WA, ofusayidi!"

Anayang'ana pansi. Anali pakati pa seko, pansi pa ringi penipeni. Otsatira timu inayo anafa nacho chiseko.

"Amayi, mwasamuka kumeneko! Lendi inatha!"

Anapereka mpira kwa adani n'kutuluka, nkhope ikuyaka. Gawo lachiwiri zinachitikanso, koma ulendo uno chinali chala cha nsapato chokha chimene chinapitirira mzere pamene ankadzitambasula kuti apereke mpira. Chala chikapitirira mzere, ndiye kuti walowa mu seko. Singano ankalidziwa lamuloli kuposa aliyense pabwalopo, koma moyo wake wonse mzerewo ankaudutsa wopanda mlandu. Adani anatenga mpirawo n'kukagoletsa.

Pa nthawi yopuma a Kochi sanamuyang'ane kumaso. Anangotambasula dzanja.

"Bweretsani bibu, mupumitse bondo."

Magawo awiri otsalawo anaonera ali pa benchi, pakati pa chigubu cha madzi ndi mulu wa zikwama. Nsungwi anagwidwa phazi kamodzi kokha. Zina zonse zinali za Singano: kaimidwe, kateredwe, ngakhale kupuma kamodzi asanaponye. Zinali ngati kuona diresi lako lavalidwa ndi wina, n'kumukhala bwino kuposa iwe. Timu ya fakitale inapambana ndi zigoli zisanu ndi chimodzi.

M'kalasi muja munali phokoso, ena akuthirana madzi. Singano anamupeza Nsungwi pakona akumasula zingwe za nsapato.

"Mlamu, unkadziwa?"

Nsungwi anakoka chingwe mpaka chinapanga mfundo.

"Ndikufunsa iwe."

"A Kochi anandiuza sabata yoyamba. Anati ndisanene. Anati mukadziwa simundiphunzitsa bwino, ndipo ntchito yosita ija inabwera ndi bibuyo."

"Ndiye madzulo onse aja, ine ndikugwada pa simenti kugwira phazi lako, iwe ukudziwa."

"Ndinafuna kukuuzani, alamu. Ndinafunsa achimwene. Anati ndingokhala chete, muzolowera."

Singano anakhala pa desiki. M'maganizo anaona mwamuna wake pakhonde paja, burashi ili m'manja, akuseka n'kumati, "Muphunzitse ndithu, mayi, usasiyeko." A Kochi akanamufunsa poyera, mwina iye akanalira usiku umodzi, mwina akanakana, mwinanso akanavomera n'kupempha kuti amusiyire GA. Sanadziwe chimene akanachita, ndipo anthu atatu anagwirizana kuti asadzadziwe.

A Kochi analowa atanyamula chikho, thukuta lili kamukamu. Atamuona anatsitsa mawu, koma osati mokwanira.

"A Singano, musatenge molakwika. Chikho ichi ndi chanu, mwachiphika ndinu. Ndipo ntchito ilipo. Lolemba kubwera mtsikana wina wa basiketibo, wothamanga ngati mphepo. Mumukonze phazi monga munachitira uyu."

Singano anaimirira. Sanakuwe, koma anayankhula momveka mpaka ku bolodi la kutsogolo.

"Adzavala bibu ya ndani, a Kochi?"

Wailesi, amene anali atakweza botolo kukamwa, analitsitsa.

"Zimenezo tidzaona."

"Ayi, nenani lero, mwini wake ali pompano. Ngati ndi C nenani, ngati ndi WD nenani. Akavomera yekha ndidzamuphunzitsa mtsikanayo. Apo ayi, choko chili m'dirowa ya makina anga, mukatenge."

A Kochi anayang'ana chikho, nayang'ana pakhomo. Wailesi anavula bibu yake pang'onopang'ono, naipinda, ndipo m'malo moiponya mu thumba la timu anailowetsa m'chikwama chake n'kutseka zipi.

"Ine yanga ndikachapa ndekha," anatero.

Singano anatenga chikwama chake n'kutuluka. Ali pa geti la sukulu anamva mapazi aatali akumuthamangira.

"Alamu, tikwera limodzi?"

"Nanga nyumba si imodzi?" anatero osatembenuka. "Koma tikafika ulowe kuchipinda kwako. Ndili ndi mawu ndi achimwene ako."