Mphindi Zitatu za Aganizakaye

Ndagwira ntchito m'madoko a mayiko khumi ndi anayi, ena ozizira moti ndevu zimachita kuuma. Kampani yanga yotsuka matanki ndinaiyamba ndi ndowa imodzi ndi burashi yothothoka, lero ili ndi malole asanu. Pa moyo wonsewu ndinkakhulupirira kuti anthu alipo mitundu iwiri basi: olowa m'thanki ndi otsala panja.

Mkamwini wanga ndinamuika m'gulu la otsala panja. Atakwatira mwana wanga wamkazi ndinamulemba ntchito, ndipo sabata isanathe ndinamupatsa dzina loti Aganizakaye. Munthuyu sankatsika asanalendeweze kamakina koyezera mpweya, asanapemerere thanki ndi chopemerera kwa mphindi makumi awiri, asanaimike chitsulo cha miyendo itatu chokhala ndi winchi yopukusa pokweza munthu pakamwa pa thanki. Lachisanu lililonse ankaponya thumba la mchenga m'thanki yakale ya kuseri kwa ofesi, n'kumalivuula atavala chigoba chopumira mpweya kumaso, wotchi ili pamkono. Ine ndinkadutsa n'kufunsa ngati wodwalayo watsitsimuka.

Mwana wanga anandiuzapo kuti mwamuna wake, poyamba ntchitoyi, ankanjenjemera ngakhale pa makwerero. Akuti ankatsika sitepe imodzi yoonjezera tsiku lililonse mpaka anafika pansi, ndipo manthawo sanathe, anangowazolowetsa kumvera. Ndinaseka mpaka kutsamwa.

Wondisangalatsa anali mng'ono wanga, wonditsatira kubadwa, yemwe anatengera mtima wangawu ndendende.

Lolemba lina masana tinali pa fakitale yofinya zipatso, titatsegula thanki yapansi yakuya mamita anayi. Zotsalira za zipatso zikasasa zimatulutsa mpweya wolemera, wosaoneka, umene umadikha pansi ngati madzi. Ndinkadziwa zimenezi, mng'ono wanga ankadziwanso. Koma sipanala yake inagwera mkati mkamwini akadali kutsitsa zida mulole, ndipo iye anati angoitola, n'kamphindi. Ndinamuona akufika pansi, akuwerama, kenako n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Ndinamuitana. Zii.

Kapitawo wa fakitaleyo, bambo wa tayi ndi mulu wa makiyi m'chiuno, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Analamula kuti pasapezeke woyandikira, aitana ozimitsa moto ndi ambulansi, afika pakatha theka la ola. Ine mwendo unali kale pa makwerero. Ndinangomva lamba wanga wagwidwa kumbuyo.

"Bambo, tulukani," anatero mkamwini wanga. "Mukatsika choncho ndikhala ndi anthu awiri oti ndivuule, ndipo winayo ndi wolemera."

Ndinamutukwana. Ndinamuuza kuti ndi wamantha, kuti ali pansiyo ndi magazi anga, kuti ine ndinalowapo m'matanki iye akuyamwa. Iye anali ataimika chitsulo cha miyendo itatu chija pakamwa pa thanki. Anali ataponya kale paipi ya chopemerera mpaka inagwera pafupi ndi nkhope ya mng'ono wanga, ndipo ankamanga silinda ya mpweya kumsana. Kapitawo ataona zimenezo anayamba kukuwa kuti mnyamatayu wapenga, akufuna maliro awiri pa fakitale pake. Mphindi imodzi yomweyo munthu mmodzi anatchedwa wamantha ndi wamisala.

"Theka la ola n'lalitali, akapitawo. Tili ndi mphindi zitatu, mwina zinayi," anatero mkamwini. Anawapatsa chingwe chomangidwa pa malamba ake. "Gwirani ichi, simuyandikira dzenje. Ndikakoka katatu, kokani." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu muli ndi mikono kuposa tonse pano. Winchi ndi yanu. Musaisiye, ngakhale muone chiyani."

Mantha anali nawo pomanga chigoba, ndinawaona bwinobwino. Koma chingwe chilichonse chinalowa pamalo pake kamodzi n'kamodzi. Kamakina kake kankalira ngati mwanapiye. Tsiku lina lililonse akanadikira mpaka katakhala chete. Tsiku limenelo sanadikire. Anatsika.

Ndanyamulapo zitsulo pa sitima mafunde akumenya, koma palibe ntchito imene inandilemera ngati kuima pamwamba paja. Thupi lonse linkafuna kudumpha. Ndinamuona mkamwini akumukoleka mng'ono wanga lamba wa winchi m'khwapa, ngowe ikumupulumuka, akuyesanso. Ndinaluma mano, dzanja lili pa chogwirira. Atakweza chala, ndinapukusa. Ndinkafuna kupukusa mwamphamvu zanga zonse, koma ndinakumbukira thumba la mchenga lija, momwe ankalikwezera mosafulumira kuti lisamenye makwerero. Mutu wa mng'ono wanga unatulukira, milomo itada. Kumbali kwanga kapitawo anali atakulunga chingwe m'manja, thukuta lili kamukamu, koma akuchikoka bwino mkamwini akamakwera, ndipo anali atasendera yekha mpaka pamphepete.

Mkamwini anavula chigoba, anagoneka wodwalayo chagada, n'kuyamba kumuuzira mpweya m'kamwa. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mng'ono wanga anatsokomola. Ambulansi inamupeza akupuma.

Madzulo a tsikulo tinakhala pa benchi kuchipatala, adokotala atatiuza kuti achira. Ine sindizolowera kupepesa, ndiye ndinayamba ndi nzeru. Ndinati ndazindikira tsopano: kulimba mtima n'kutenga theka la ine ndi theka la kapitawo.

Aganizakaye anaganiza kaye, monga mwa dzina lake. Anati si choncho kwenikweni, chifukwa munthu wotsika mamita awiri m'thanki ya mamita anayi sapulumutsa aliyense. Iye anatsika mpaka pansi, ngati momwe ndikanachitira ine. Kusiyana kwake kunali kwakuti anaopa chinthu choyenera kuopa, pa mlingo wake, n'kudalira zimene zinali zodalirika. Kapitawo mantha anamuchulukira mpaka anaiwala kuti pansi pali munthu. Ine anandichepera mpaka ndinaiwala kuti pansi palibe mpweya.

Ndinafunsa kuti nanga silinda ikanakhala yopanda kanthu. Anati sakanatsika, akanapemerera ndi kuyesa kukola malamba ndi ndodo ali pamwamba, ndipo tsiku limenelo kulimba mtima kukanakhala kumeneko. Nanga pakanagwera sipanala yokha? Akanadikira mphindi zake makumi awiri, pakuti sipanala si chinthu chofera. Malo oyenerawo, anatero, amasuntha malinga ndi tsiku, chifukwa chake, ndi munthu wake. Kwa iye anali pansi. Kwa ine anali pa winchi.

"Lole yanu yakale ija imakokera kumanzere, bambo," anatero. "Kuti iyende pakati mumaigwirira kumanja. Ine ndimakokera kothawa, ndiye ndimadzikankha. Inu mumakokera kolumpha."

Ndinamufunsa kuti munthu angaganize bwanji zonsezi m'mphindi zitatu. Anati saziganiza pamenepo. Amaziganiza Lachisanu, mpaka manja atazidziwa okha.

Mng'ono wanga atatuluka m'chipatala anati akufuna kuphunzira za chigoba, koma mkamwini anamuyambitsira pa udindo wa thumba la mchenga. Mng'ono wangayo amagona pansi pa thanki yakale ija, yopemereredwa bwino, n'kumadandaula kuti tikumukanda msana. Kapitawo uja anabwerako Lachisanu kawiri, anavula tayi, ndipo ulendo wachiwiri anatsika masitepe atatu.

Pa winchi pamakhala ine. Kuyambira pamene mkamwini wakweza chala mpaka munthu kutuluka, wosagunda paliponse, ndimatenga masekondi makumi anayi ndi awiri. M'madoko onse amene ndayendamo sindinaone wondiposa. Lachisanu lapitali ndinafuna kutsitsa masekondiwo afike makumi atatu, koma Aganizakaye anandiyang'ana, ndipo ndinabweza dzanja.