Ng'ombe Ziwiri za Benwell

Kampani yomanga mlatho pafupi ndi kwa Mwase itapatsa Eneless ntchito yophikira anthu ake makumi anayi, mapoto anali nawo kale. Chovuta chinali china: kampaniyo inkalipira pakatha mwezi, pomwe ufa, nyemba ndi mafuta ankagula ndi ndalama pamanja ku boma la Lundazi. Anafunika mpamba woti uzikhala m'matumba a m'sitolo ndi m'chakudya chodyedwa kale koma chosalipiridwa.

Mwamuna wake, Benwell, anagulitsa ng'ombe zake ziwiri zolimira pa K24,000, nkhope ili gwaa ngati wapita kumaliro.

"Sizinatayike, awisi Claire," anatero Eneless. "Mlatho ukatha ndalama zizabwela zonse, mugule zina."

Miyezi khumi ndi isanu ndi itatu ndalamazo sanazione. Kampani ikalipira, phindu linkapita ku Chipata kumene Claire, mwana wawo, ankaphunzira unamwino, ndipo zotsalazo zinkabwerera m'matumba a ufa. Benwell, munthu wosaiwala ngakhale singano yobwereketsa, ankasuzumira m'sitolo m'mawa uliwonse.

"Mwawuka uli, ng'ombe zane?" ankalonjera matumbawo.

Eneless ankangoseka, koma mumtima zinkamuwawa, chifukwa chaka chimenecho bamboyo analima ndi khasu ndipo munda wa nshawa unagonera.

Kapitawo wa kampaniyo atanena kuti ntchito itha mu Okutobala, Eneless anasiya kugula zambiri. Wogulitsa nyemba anamunyengerera ndi mtengo wotsika, iye anakana. Matumba anatha limodzilimodzi mpaka sitolo inatsala mbee, ndipo mafuta otsala anagulitsa kwa mayi wina wa zitumbuwa. Mu Novembala malipiro omaliza analowa pafoni. Ulendo uno kunalibe ufa woti agulenso. Atachotsa phindu la Claire, K24,000 inatsala yathunthu, osaperewera ngakhale ngwee.

Anakondwa ngati mwana. Anauza Benwell kuti avale jekete, ndipo anapita pa njinga kwa Ezron, woweta ng'ombe wa tsidya la dambo.

Ezron anawaonetsa nkhunzi ziwiri zofulidwa, zozolowera goli. "Izi ni sate-foo sauzande, zonse ziwili."

"Sate-foo?" anadabwa Eneless. "Ife tinagulitsa twente-foo!"

"Liti, amama? Mitengo sinakhale pansi kuyembekeza mlatho wanu."

Ananenerera mpaka dzuwa linafika pamutu, koma Ezron sanatsitse. Eneless anachita manyazi. Anali atawerengera thumba lililonse, koma osati zimenezi. Anayembekeza kuti Benwell amunyoza, ndipo akanalola.

Benwell anazungulira ng'ombe yakuda, n'kuiyang'ana mano ndi ziboda. Kenako analipira K17,000 ya imodzi.

"Mau anu munasunga, anyina Claire," anatero akumanga chingwe. "Mawa nizapita kwa mnzanga Misheck, nayenso ali na imodzi cabe, tizazimanga pa goli limodzi. Tizayamba munda wake, wathu pambuyo."

Mvula inali itagwa kale kawiri. Eneless anakankha njinga pambuyo pa ng'ombeyo mpaka kunyumba.