Msuzi wa Aneba ndi Hadisi ya Kaphokoso

Kkkk abale, imvani za Kaphokoso. Dzinali anamupatsa ku madrasa poti pakamwa pake sipatsekeka. Ndiye amwalimu anamuuza kuti Lachisanu ndi iyeyo apereke chikumbutso cha mphindi zitatu kwa atsikana anzake. Koyamba!! Koma pepala liyambe ladutsa mmanja mwawo, likapezeka ndi cholakwa mwayi upita kwa wina.

Mtsikana anasankha hadisi, mawu a Mtumiki, ya msuzi ija, yoti ukaphika uchulutse madzi ugawireko aneba. Anaikopera pa chithunzi cha pafoni. Chithunzicho sichinanene yemwe anaisimba, iye osadandaula, kungolembapo kuti woisimba ndi Abu Huraira, buku la Bukhari. Amvekere mumtima, si hadisi zambiri zimachokera kwa iyeyo?

Lachinayi masana amwalimu anavala magalasi, cholembera chofiira kumanja.

“Mwanawe, Abu Huraira wamupeza kuti?”

“Ndimangoti ndi omwe aja amwalimu.”

“Omwe aja! Ndi amalume ako?”

Kkkk anafuna kulowa pansi pa benchi. Amwalimu anatsitsa buku lalikulu pa shelefu, kutsegula pa mutu wa za aneba, kumuloza ndi chala. Hadisiyo ikuchita kuyamba ndi kuitana dzina, “Iwe Abu Dharr.” Woisimba ndi Abu Dharr yemweyo, ndipo bukulo ndi la Imam Muslim.

“Lemba yemwe anamva kwa Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye. Kenako mawu ake. Kenako yemwe anasonkhanitsa. Unenenso kuti ili ndi tanthauzo chabe mChichewa, mawu enieni ndi a Chiarabu. Nanga ichi, ‘ngakhale neba wako akhale wamwano,’ chili mkati mwa hadisi chatani?”

Amenewo anali mawu a Kaphokoso yemwe. Amalasa mtsikana mnzake wa ku madrasa komweko, wa khomo loyandikana, yemwe sanalankhulane naye milungu iwiri chifukwa cholimbirana chingwe choyanikira zovala.

“Ako uike pansi, unene kuti ndi ako. Kumuikira Mtumiki mawu mkamwa si masewera.”

Analembanso kawiri konse, mpaka amwalimu kugwedeza mutu.

Lachisanu Kaphokoso anaimirira kutsogolo kwa anzake. “Kuchokera kwa Abu Dharr, Allah asangalale naye, Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, anati, mwa tanthauzo: Iwe Abu Dharr, ukaphika msuzi uchulutse madzi ake, usamale aneba ako. Anaisonkhanitsa Imam Muslim. Hadisi yathera pamenepa. Tsopano awa ndi anga.”

Anayang’ana pepala, anayang’ana neba uja atakhala kutsogolo. Za mwano zija anazimeza. Anangoti, “Ine ndiye woyamba kulephera.”

Amwalimu anamwetulira pang’ono, ndiye kuti wakhoza.

Kaphokoso atangofika kunyumba, gogogo pachitseko. Neba, mbale yopanda kanthu mmanja, nkhope yaulemu ngati mlendo.

“Ashehe, ndamva kuti kuno mwachulutsa madzi.”

Anaseka mpaka kukhala pansi onse awiri. Msuzi kunalibe ndi dontho lomwe, Kaphokoso anangomupatsa theka la chingwe chija kkkk.