Thobwa la a Beston

A Beston anali mkulu wa mpingo ku Nkaneng, mudzi wa ogwira ntchito m'migodi ku Joni, ndipo akayankhula anthu ankavomera Ameni asanamve n'komwe mathero ake. Atagwira ntchito mumgodi wa pulatinamu zaka zambiri, anasunga ndalama zoti akakhomere malata nyumba yawo ku Ntcheu. Koma chilimwe cha 2011 anaganiza zogulira ndalamazo fuliji ndi jenereta, kuti azigulitsa thobwa lozizira kwa amuna otuluka pansi.

Lamulungu, mapemphero atatha, anaimirira pakhomo la tchalitchi.

"Abale, nditati ndizigulitsa thobwa lakumudzi, lozizira, mungagule?"

Manja anakwera onse. Maxon, woyimbitsa kwaya, anakweza awiri.

"Tsiku lililonse, abambo," anatero Maxon. "Mahewu a m'mashopu a kuno ku Joniwa angotiwononga m'mimba."

Madzulo a Beston anauza akazi awo, a Rozalia, kuti Loweruka akwera takisi kupita ku Rustenburg kukalipira fuliji.

"Mwawafunsa ngati mkulu wa mpingo, pakhomo pa nyumba ya Mulungu," anatero a Rozalia. "Ndani akanakana? Mukanafunsa za miyala yokazinga akanakwezanso manja."

"Mayi, chikhulupiriro chanu n'chochepa."

"Changa chili mwa Ambuye, osati mwa Maxon. Ndiphike chidebe chimodzi kaye, tione."

Anaphika, naliziziritsa ndi madzi oundana ogula. Abale anabwera, anamwa, anayamika, ena mpaka kukumbuka amayi awo. Pochoka aliyense ankati, "Tionana kumapeto kwa mwezi, abambo." A Beston ankangogwedeza mutu, poti mbusa sagwira nkhosa yake pakhosi chifukwa cha kapu ya thobwa.

"Mwaona? Latha lonse," anatero a Beston.

"Zaulere zimatha," anayankha a Rozalia. "Ngakhale m'chipululu muja anthu zikwi zisanu anadya n'kukhuta, koma palibe anafunsa mtengo."

Anagwirizana zoyesanso, fuliji idikire. Ulendo uno a Rozalia anaphika zidebe ziwiri n'kukapereka kwa Mariamu, Msilamu wa ku Mangochi amene ankagulitsa zitumbuwa pokwerera matakisi. Mariamu sankapemphera ndi aliyense wa iwo ndipo sankadziwa ngongole. Mtengo anauika wokwanira chimera, ufa, shuga, ndi petulo amene jenereta ikanamwa. A Beston anauzidwa kuti asaonekere pafupi, choncho anakhala kuseri kwa shopu yomangidwa ndi malata ngati munthu wodikira mnzake.

Oyimba kwaya anadutsa ali ndi zisoti zawo za kumgodi m'manja. Ena anapatsa Mariamu moni. Maxon anaima, anafunsa mtengo, anaimba mluzu.

"Achemwali, mwathiramo pulatinamu?"

"Ndathiramo shuga," anatero Mariamu. "Mugula, kapena mukunditchingira anthu?"

Maxon analowa m'shopu momwemo, nagula mahewu owononga m'mimba aja, namwera pakhomo, a Beston akumva kumeza kwake. Ogula thobwa anali amuna ochepa a ku Tete, ndipo mawa lake anabwerako mmodzi yekha.

Dzuwa la ku Nkaneng silisunga thobwa. Pasanathe masiku ambiri Mariamu anabweretsa chidebe chachiwiri chili chodzaza, atachigwira patali ndi chovala chake.

"Mayi a Rozalia, ili layamba kuchita thovu. Lasanduka mowa. Ine sindiligwiranso."

Fungo linayenda msanga kuposa belu la tchalitchi. Chidebe chisanatenthe pansi, munthu anagogoda kukhomo la kuseri. Anali Maxon, ndalama ili kale m'manja, kumbuyo kwake kuli oyimba besi awiri akuyang'ana nsapato zawo.

"Abambo, tamva kuti latsalako. Tati lisatayike."

"Lasasa, mwana wanga."

"Tipirira, abambo. Tilipira pompano. Ngakhale mutakweza mtengo."

A Beston anayang'ana ndalamayo nthawi yaitali. Chiyambireni nkhani ya thobwa, aka kanali koyamba kuti wa mumpingo atambasule dzanja muli kanthu. A Rozalia anaima pambali akupukuta mbale youma kale.

Kenako a Beston ananyamula chidebe, anadutsa pakati pa oyimbawo, nakachikhuthulira m'ngalande. Maxon anatsatira thovulo ndi maso mpaka linalowa pansi pa mpanda.

"Lachinayi kwaya iyambe nthawi yake," anatero a Beston. "Ndikhala kutsogolo, pafupi ndi pakamwa panu."

Atachoka, anakhala pansi navula nsapato.

"Mayi, kodi malata akugula bwanji masiku ano ku Ntcheu?"

"Ndiwaimbira achimwene mawa," anatero a Rozalia, natenga chidebe kukatsuka.